Tizilombo sitikuonekanso m'magazi, nanga kachilomboka kabisala kuti?

Funso: "Ndakhala ndikumwa ma ARV kwa zaka 9 osadumphitsa, ndipo akanditenga magazi amandiuza kuti tizilombo sitikuoneka. Chifuwa chachikulu ndinadwalapo, ndinamwa mankhwala miyezi 6 n'kuchira. Nanga kachilombo aka kali ndi chiyani kuti ndizingomwabe moyo wanga wonse? Ngati sikakuoneka, kabisala kuti?" Mayi wa ku Balaka

Mayi, kabisala mu DNA ya maselo anu ena ochepa kwambiri, ndipo mankhwala onse amene tili nawo lero sangakazulemo. Makina oyezera vayilo lodi amawerenga tizilombo tomwe tikuyandama m'madzi a magazi. Sasuzumira m'kati mwa maselo. Choncho pepala lanu likalembedwa <LDL, tanthauzo lake ndi lakuti tizilombo ta m'magazi tachepa kwambiri moti makinawo sangathe kutiwerenga, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino zedi. Koma pepalalo silikunena chilichonse za komwe kachilomboka kagona. Kuti mumvetse mmene kanafikira kumeneko, tiyeni tikatsatire kuyambira pamene kakumana ndi selo.

Selo lililonse la m'thupi limasunga malangizo ake mu DNA, m'phata mwake. Likafuna kupanga puloteni inayake, limakopera gawo lofunikalo kuchoka mu DNA kupita mu RNA, kenako RNA ija n'kutsogolera ntchito yopanga puloteniyo. Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti ulendowu ngwa mbali imodzi, DNA kubala RNA, osati RNA kubala DNA. Mu 1970 Howard Temin ndi David Baltimore, aliyense payekha ku Amereka, anapeza kuti tizilombo tina toyambitsa khansa mu nkhuku ndi mbewa tili ndi enzaimu, kapena kuti puloteni yogwira ntchito inayake, yotembenuza ulendowo: imawerenga RNA n'kulemba DNA. Enzaimu imeneyi ndiyo rivesi transikiriputezi, ndipo banja la tizilombo togwiritsa ntchito njirayi ndi limene timati maretirovairasi. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1975. Pamene HIV inkapezeka ku Paris mu 1983, chimene chinadziwitsa Françoise Barré-Sinoussi ndi anzake kuti agwira retirovairasi chinali kuona ntchito ya enzaimu yomweyi m'madzi omwe ankaweteramo maselo a wodwala.

HIV payokha ndi kampira kakang'onong'ono konyamula zingwe ziwiri za RNA, chilichonse cha zilembo zosakwana 10,000, pamodzi ndi maenzaimu atatu: rivesi transikiriputezi, intigirezi ndi purotiyezi. Kachilomboka sikangaberekane kali panja pa selo. Kunja kwake kuli timinga tomwe timagwira puloteni ya CD4 yopezeka pa maselo amene kuchipatala timawatchula kuti asilikali a m'thupi. Katagwira CD4, kamagwiranso puloteni yachiwiri, kawirikawiri CCR5, ndipo zikatero khungu lake limalumikizana ndi khungu la selo, zam'kati zonse n'kukhuthukira m'selomo. Rivesi transikiriputezi imayamba kukopera RNA ija chilembo ndi chilembo mpaka kupanga DNA ya zingwe ziwiri, yofanana m'kapangidwe ndi DNA ya munthu.

Apa ndiye pagona yankho la funso lanu. DNA yatsopanoyo ikafika m'phata la selo, intigirezi imadula DNA ya munthuyo, n'kulowetsapo ya kachilomboka, ndipo selo lenilenilo limamalizitsa kusoka m'mphepetemo poganiza kuti likukonza DNA yake yothyoka. Kuyambira pamenepo malangizo a HIV asanduka gawo la selolo. Selo silidziwa kusiyanitsa zilembo zake ndi za mlendo, ndipo lilibe njira yozichotsera. Likamawerenga DNA yake limawerenganso ya kachilomboka, n'kupanga RNA ndi mapuloteni ake. Zimenezi zimasonkhana pakhungu la selo n'kutuluka ngati tizilombo tatsopano, ndipo purotiyezi imadula mapuloteni aataliwo m'zidutswa zoyenera kuti kachilombo katsopanoko kakhwime. Ulendo wonsewu umatenga tsiku limodzi kapena awiri. Kachilombo ka chifuwa chachikulu nakonso kamalowa m'maselo, komatu kamakhalabe chamoyo chapachokha, chokhala ndi khungu lake ndi njira zake zodyera, choncho mankhwala amatha kukapeza n'kukapha. HIV ikalowa mu DNA palibenso thupi lake loti mankhwala alilase. Chatsala ndi zilembo.

Tsopano taonani chimene piritsi lanu limachita. Ngati muli pa mankhwala amene anthu ambiri m'Malawi anasinthiridwa kuyambira 2019, aja amati 13A, m'piritsi limodzilo muli mankhwala atatu. Tenofovira ndi lamivudini ndi zilembo zabodza. DNA imamangidwa ndi zilembo zinayi, A, C, G ndi T, ndipo chilembo chilichonse chili ndi kogwirira komwe chotsatira chimakoledwapo. Tenofovira amafanana ndi A, lamivudini amafanana ndi C, koma onsewa alibe kogwirirako. Rivesi transikiriputezi ikatola chilembo chabodzacho n'kuchiika pa chingwe, chingwe chija chimathera pomwepo. Wachitatu, dolutegiravira, amakakamira pa intigirezi kuti isathe kulowetsa DNA ya kachilombo mu DNA ya selo. Mukaonetsetsa, atatu onsewa amagwira ntchito pa masitepe ochitika kachilombo kasanasokedwe mu DNA. Amateteza selo limene silinalowedwe. Selo limene linalowedwa kale, zaka 9 kapena 12 zapitazo, piritsilo lilibe nalo chochita.

Mwina mungafunse kuti, popeza maselo atsopano sakulowedwanso, akalewo sangangofa n'kutha? Ambiri amaferadi. Selo limene likupanga tizilombo mwakhama silikhalitsa, limafa m'masiku ochepa, lophedwa ndi kachilomboko kapena ndi chitetezo cha m'thupi. N'chifukwa chake munthu amene wayamba mankhwala ali ndi tizilombo 100,000 pa mililita imodzi ya magazi amatsika mofulumira m'masabata oyambirira, ndipo pakatha miyezi ingapo makina amalephera kutiwerenga. Mu 1996, mankhwala ophatikiza atatu atangoyamba, akatswiri ena anaona kutsika kumeneku n'kuyerekezera kuti zaka ziwiri kapena zitatu zingakwane kukathetseratu. Chaka chotsatira, mu 1997, magulu atatu a ofufuza ku Amereka anapeza chimene chinasokoneza masamuwo.

Pakati pa maselo a CD4 pali ena amene ntchito yawo ndi kukumbukira. Thupi likalimbana ndi matenda, tinene chikuku, maselo ambiri omenya nkhondoyo amafa nkhondo ikatha, koma ochepa amabwerera kukagona, n'kumadikira tsiku limene matendawo adzabwerenso. Amatha kudikira zaka makumi angapo. Ndiwo amachititsa kuti katemera amene munabayidwa muli mwana azikutetezanibe. Tsono HIV ikalowa m'selo panthawi imene selolo likubwerera kukagona, DNA yake imasokedwamo bwinobwino, koma selo logona siliwerenga gawo limenelo. Silipanga puloteni ya kachilombo ngakhale imodzi. Chitetezo cha m'thupi chimazindikira selo lodwala poona tizidutswa ta mapuloteni achilendo pakhungu lake, ndiye pa selo ili palibe choti chione. Mankhwala nawonso alibe enzaimu yoti aitsekereze, chifukwa palibe imene ikugwira ntchito.

Alimi amadziwa za kaufiti. Mukhoza kuzula aliyense amene watulukira m'munda chaka chino asanachite maluwa, koma njere zake zili m'nthaka, ndipo zimatha kukhalamo zaka zoposa khumi osamera, kufikira mizu ya chimanga itazifika pafupi. Khasu limangopeza zomwe zamera. Kusiyana kwake n'kwakuti njere ya kaufiti ili payokha m'dothi, pamene HIV yogonayo ili m'kati mwa selo limene thupi lanu limalisunga dala chifukwa likulifuna.

Maselo otere ndi ochepa modabwitsa. Mwa maselo a CD4 ogona 1 miliyoni, pafupifupi limodzi lokha ndilo limapezeka ndi kachilombo kamphumphu kotha kudzuka likayesedwa m'labotale. Enanso ambiri ali ndi DNA ya HIV, koma yoposa 90 pa 100 iliyonse ndi yoduka kapena yolakwika moti singabale kanthu. M'thupi lonse ofufuza amayerekezera kuti maselo oopsawo ndi pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ambiri sali m'magazi, ali m'mwanabele, m'kapamba ndi m'khoma la matumbo. Gulu la Robert Siliciano ku Baltimore linatsatira anthu omwa mankhwala mokhulupirika kwa zaka zingapo, n'kupeza kuti chiwerengero cha maselowa chimatsika ndi theka pa miyezi 44 iliyonse. Tiyeni tiwerenge. Kuti 1 miliyoni itsike kufika pa 1, muyenera kuigawa pakati maulendo 20. Miyezi 44 kuchulukitsa ndi 20 ndi miyezi 880, zomwe ndi zaka 73. Inu mwamwa zaka 9, miyezi 108, kutanthauza kuti mwagawa pakati kawiri ndi theka. Pa masamu amenewa, mwa maselo 1 miliyoni aja atsala pafupifupi 180,000.

Ndipo zaka 73 zimenezo ndi masamu okomera. Pali chinthu china chimene chinadziwika bwino pambuyo pake. Selo lokumbukira limadzigawa nthawi ndi nthawi kuti mtundu wake usathe, ndipo likamadzigawa limakopera DNA yake yonse, pamodzi ndi ya HIV. Maselo awiri atsopanowo onse amakhala nako kachilomboka. Kukopera kumeneku amachita ndi maenzaimu a selo lenilenilo, rivesi transikiriputezi ndi intigirezi sizikhudzidwa n'komwe, choncho ma ARV sangakuletse. Ofufuza amapeza maselo ambirimbiri mwa munthu mmodzi okhala ndi HIV pamalo amodzimodzi enieni a DNA, umboni woti onsewo anachokera ku selo limodzi. Ndiye pamene ena akufa, ena akuchulukana.

Tsiku lililonse ena mwa maselo ogonawo amadzuka, mwina chifukwa akumana ndi matenda amene amawakumbukira. Akadzuka amayamba kuwerenga DNA yawo, tizilombo n'kutuluka. Mwa inu, Mayi, tizilomboto timapeza maselo onse oyandikira ali ndi mankhwala, ndipo nkhani imathera pomwepo. Mutasiya kumwa, mankhwala amatha m'thupi m'masiku ochepa, ndipo selo loyamba kudzuka limayatsa moto. Mwa anthu ambiri tizilombo timaonekanso m'magazi pakangotha masabata awiri kapena atatu, ndipo posakhalitsa timabwerera pamlingo womwe tinali munthuyo asanayambe mankhwala, kaya anamwa zaka ziwiri kaya khumi ndi zisanu. Choipa n'chakuti thupi silikuchenjezani. Mukhoza kumadzimva bwino kwa miyezi yambiri pamene CD4 ikutsika ndiponso mukutha kupatsira mnzanu. Kafukufuku wamkulu wotchedwa SMART anayesa kupumitsa anthu mankhwala CD4 yawo ikakhala yokwera, koma anaimitsidwa mu 2006 chifukwa opumirawo ankadwala ndi kumwalira kuposa omwa mosalekeza.

Nanga kuyamba msanga? Kumathandiza kwambiri, maselo obisalamo amakhala ochepa, koma kachilomboka kamakhazikika m'masiku oyambirira enieni. Ku Mississippi ku Amereka mwana wina anayamba kulandira mankhwala atatu atangotha maola 30 chibadwire. Anasiya kumwa ali ndi miyezi 18, ndipo anakhala miyezi 27 tizilombo tisakuoneka. Dziko lonse linayamba kuyembekeza kuti wachira. Mu 2014 tizilombo tinabwerera. Apa mutha kuonanso chifukwa chake mankhwala oteteza munthu amene wagwiriridwa kapena wabayidwa ndi singano amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, makamaka maola oyambirira enieniwo: ndi mpikisano wofika pa selo intigirezi isanasoke.

Chachiwiri chimene chimavutitsa ndi khalidwe la rivesi transikiriputezi. Maenzaimu okopera DNA ya munthu amabwerera m'mbuyo kukonza akalakwitsa chilembo. Iyi siibwerera. Imalakwitsa pafupifupi chilembo chimodzi pa 30,000 zilizonse, ndipo poti HIV ili ndi zilembo pafupifupi 10,000, ndiye kuti pa makope atatu alionse limodzi limatuluka losiyanako ndi kholo lake. Mwa munthu amene sali pa mankhwala mumapangidwa tizilombo tokwana mabiliyoni 10 patsiku. Ndi chiwerengero chotere, kusintha kulikonse kwa chilembo chimodzi komwe kungatheke kumachitika tsiku ndi tsiku. Kambiri kamalumala nako kusinthako, koma kena kamapezeka kuti mankhwala ena sakukagwiranso. Sikuti kachilombo kamaphunzira kapena kuzolowera mankhwala monga timanenera. Kosamva mankhwalako kamabadwa mwangozi, ndipo mankhwala akatsekereza anzake onse, iko kamatsala ndi bwalo lonse.

Tinaziona ndi AZT, mankhwala oyamba, amene anavomerezedwa mu 1987: payekha ankathandiza kwa miyezi chabe. Tinazionanso kwathu kuno ndi nevirapini. Piritsi limodzi lomwe amayi ankapatsidwa pobereka linapulumutsa ana ambiri, koma nevirapini amachedwa kutha m'magazi, ndiye kwa masabata angapo kachilomboka kankakumana ndi mankhwala amodzi okha, ochepa mphamvu. Kusintha kumodzi kokha mu rivesi transikiriputezi, komwe m'malipoti a labotale amalemba K103N, n'kokwanira kugonjetsa nevirapini ndi efavirenzi yemwe. Lamivudini nayenso amagonja ndi kusintha kumodzi, M184V. Nzeru ya mankhwala atatu ili m'kuchulukitsa. Ngati mwayi wa kusintha kumodzi ndi 1 pa 30,000, mwayi woti kuwiri kuchitike m'kope limodzi ndi 1 pa mamiliyoni 900, ndipo kutatu ndi 1 pa mabiliyoni 27,000. Izi zimagwira pokhapokha atatu onsewo ali m'magazi pamlingo wokwanira. Munthu womwa lero, mawa ayi, mkuja n'kumwa, amapatsa kachilomboka mpata woberekana mankhwala alipo pang'ono, n'kumasonkhanitsa kusintha kumodzikumodzi. Dolutegiravira ndi wolimba pa zimenezi kuposa efavirenzi wa m'piritsi lakale lija la 5A, ndipo ndi chifukwa chimodzi chomwe anasinthira, koma nayenso amagonja akaseweretsedwa.

Mavuto awiriwa amagwirana dzanja. Kachilombo kosamva mankhwala kakalowa m'selo lomwe likupita kukagona, kamasungidwanso. Ngakhale munthuyo asinthe mankhwala n'kukhala bwino zaka khumi, akadzabwerera ku mankhwala akale aja kamadzuka. N'chifukwa chake sitibwezera munthu ku mankhwala omwe analephera kale, ndipo ndi chifukwa chake vayilo lodi ikafika 1,000 kapena kupitirira sitithamangira kusintha: timayamba takhala naye pansi kuona mmene akumwera, n'kuyezanso pakatha miyezi itatu. Nthawi zambiri vuto limakhala kudumphitsa, kapena kumwera limodzi dolutegiravira pamimba yopanda kanthu ndi mapiritsi owonjezera magazi kapena oletsa kutentha pamtima, omwe amamugwira m'matumbo kuti asalowe bwino m'magazi. Kusinthasintha kwa kachilomboka ndiko kwalepheretsanso katemera mpaka lero, chifukwa timinga ta kunja tija timasintha maonekedwe ndipo n'tokutidwa ndi shuga wofanana ndi wa maselo athu.

Alipo anthu amene anachira, koma n'ngowerengeka ndi zala. Woyamba anali Timothy Ray Brown, yemwe mu 2007 ku Berlin anamuika maselo opanga magazi a munthu wina pochiza khansa ya m'magazi. Madokotala anayamba apha maselo ake a chitetezo ndi mankhwala amphamvu, kenako n'kumupatsa maselo a munthu wobadwa wopanda CCR5, puloteni yachiwiri ija imene kachilombo kamagwira polowa. Chibadwa chimenechi chimapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 100 kumpoto kwa Ulaya, ndipo mwa ife a mu Afirika sichipezeka kwenikweni. Brown anakhala osamwa ma ARV mpaka pamene anamwalira ndi khansa ija mu 2020. Taonani zimene zinafunika: kuchotsa pafupifupi maselo onse omwe akanatha kusunga kachilomboka. Chithandizo chimenechi chimapha ena mwa ochilandira, ndipo palibe dokotala amene angachipereke kwa munthu wathanzi ngati inu. Ofufuza akuyesa njira zina, monga kudzutsa dala maselo ogonawo kuti aphedwe, kapena kudula DNA ya HIV m'selo. Yoyambayo yaonetsa kuti maselo amadzukadi, koma chiwerengero chawo sichinatsike mokwanira kuti munthu asiye mankhwala.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chimene chasocheretsa anthu ambiri. Kuyeza kwa pachala kuja sikufufuza kachilombo, kumafufuza mapuloteni apadera omwe thupi linapanga polimbana nako. Mwa anthu ena amene akhala nthawi yaitali tizilombo tili pansi, makamaka omwe anayamba mankhwala msanga kapena ali ana, mapuloteni amenewa amachepa, ndipo kachida kaja kakhoza kuonetsa mzere umodzi ngati kuti munthuyo alibe HIV. Wina akapita kumapemphero kapena akamwa mankhwala ogula kwa munthu wonena kuti amachiza, n'kukayezetsa kumene sakumudziwa, zotsatira zoterezi zimaoneka ngati umboni. Vayilo lodi yosaoneka nayo si umboni wa kuchira ngati magaziwo atengedwa munthu akumwa ma ARV kapena atangowasiya masiku ochepa. Asayansi amati munthu wachira pokhapokha atakhala zaka osamwa mankhwala, akuyezedwa pafupipafupi, tizilombo osabwerera, ndipo mwana wa ku Mississippi uja anaonetsa kuti ngakhale zaka ziwiri sizikwanira.

Zimene <LDL yanu ikutanthauza ndi izi: kachilomboka sikakuberekana, choncho sikakusintha, ndipo mankhwala omwe akugwira lero akhoza kugwirabe zaka zambiri. Munthu amene tizilombo take tili pansi pa 200 pa mililita sapatsira mnzake pogonana. Kwa mwana woyamwa chiopsezo chimatsika kwambiri koma sichifika pa ziro, chifukwa mumkaka mumakhalanso maselo, ndipo ena mwa iwo angakhale aja osunga DNA ya HIV. Ngati mukuyamwitsa kapena mukufuna kutenga pakati, auzeni a kuchipatala kuti akuyezeni vayilo lodi panthawi yoyenera ndiponso kuti mwanayo alandire mankhwala ake ndi kuyezedwa mpaka atasiya kuyamwa.